Msonkhano wa Apafupi ndi Akutali: Kakonzedwe ka Kamera ndi Sipikafoni m'Chipinda

Matenda a Covid-19 atapezeka koyamba m'dziko muno mu Epulo 2020, maofesi ambiri anayamba kuchititsa misonkhano pa intaneti. Mliriwo unazilala, koma mtundu umodzi wa misonkhanoyi sunachoke. Uwu ndi msonkhano umene anthu ambiri amasonkhana m'chipinda chimodzi, pamene ena ochepa amalowa nawo ali kutali kudzera pa foni kapena pa kompyuta. M'boma ngati la Blantyre, momwe komiti ya chitukuko ikhoza kukumana ku Lirangwe pamene katswiri wofunika ali ku likulu la khonsolo mumzinda ndipo khansala wina ali ku Chileka, njira imeneyi imapulumutsa mafuta a galimoto ndi nthawi ya pamsewu.

Koma walira mvula walira matope. Msonkhano wotere ukakonzedwa mwachisawawa, amene ali kutali amangoona milomo ikugwedera osamva chimene chikunenedwa. Amavomereza chiwerengero chimene sanachimve bwino, kapena amangokhala chete mpaka mfundo yokhudza wodi yawo n'kudutsa. Vutoli nthawi zambiri anthu amalikankhira kwa netiweki, chonsecho gwero lake limakhala m'chipinda momwemo: pamene paikidwa chipangizo chomvera mawu, kumene kamera yaloza, ndi zimene zasankhidwa pa kompyuta. Mfundo yaikulu ndi yakuti mawu ndiwo amayamba, chithunzi chimabwera pambuyo, ndipo chipinda chimodzi chiyenera kukhala ndi khutu limodzi ndi pakamwa pamodzi.

Zipangizo zake ndi ziti

Zipangizo zofunika ndi zinayi: laputopu yokhala ndi pulogalamu ya misonkhano monga Zoom, Microsoft Teams kapena Google Meet, kamera yolumikiza ku laputopuyo ndi chingwe cha USB, sipikafoni, ndi chobweretsa intaneti, kaya ndi kabokosi ka netiweki ya Airtel kapena TNM, kaya ndi foni yogawira intaneti. Ngati palinso TV kapena pulojekita yoonetsera nkhope za akutali, ndi bwino, koma msonkhano ukhoza kuyenda popanda zimenezi.

Sipikafoni ndi kachipangizo kooneka ngati kambale kovundikira, kamene kamaikidwa patebulo. M'kati mwake muli zinthu ziwiri: sipika yotulutsa mawu a akutali, ndi maikolofoni yotola mawu a m'chipinda. Ubwino wake wagona pa kukhalira limodzi kwa ziwirizi. Popeza chipangizocho chimadziwa mawu amene changotulutsa, chimatha kuwachotsa pa mawu amene maikolofoni yatola, kotero kuti wakutali samvanso mawu ake akumubwerera. Maikolofoni ya m'laputopu inapangidwira munthu mmodzi wokhala moyang'anizana nayo, ndipo siingatumikire komiti yonse.

Masipikafoni amasiyana mphamvu, ndipo wogula ayenera kuwerenga zimene opanga alemba. Kachipangizo kakang'ono ngati Jabra Speak 510 kanapangidwira anthu pafupifupi 4 ozungulira tebulo limodzi. Chipangizo chachikulu ngati Logitech Group, malinga ndi opanga ake, chimatola mawu m'malo otambalala mamita 6, ndipo malowo amafika mamita 8.5 chikawonjezeredwa timamaikolofoni tiwiri. Manambala oterewa amayenderana ndi chipinda chabata chosabweza mawu. M'holo ya simenti ndi malata, mtunda weniweni umachepa.

Chitsanzo: komiti ya anthu 14 ku Lirangwe

Kuti nkhaniyi imveke, nachi chitsanzo chongoyerekeza. Komiti ya chitukuko ya m'dera ikukumana ku Lirangwe kuti isankhe pakati pa kukonza mjigo ndi kumanga kamlatho. M'chipindamo muli anthu 14. Chipindacho ndi cha mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, pansi ndi pa simenti, denga ndi la malata lopanda siling'i, ndipo mazenera ali ku khoma limodzi loyang'ana ku msewu waukulu wochokera ku Blantyre kupita ku Zalewa. Akutali alipo atatu: injiniya ali ku likulu la khonsolo pa kompyuta, khansala ali ku Chileka pa foni, ndipo mlangizi wa zachitukuko ali paulendo. Zipangizo zimene mlembi wa komiti wabwereka ndi laputopu, kamera wamba, sipikafoni yaing'ono ndi TV. Msonkhano utenga maola 2.

Ntchito yoyamba ya mlembiyu sikuyatsa laputopu ayi, koma kusuntha matebulo.

Kumene sipikafoni iyenera kukhala

Mawu amafooka msanga akamatalikirana ndi pakamwa. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu imene mawu amagunda nayo maikolofoni imatsika ndi theka. Munthu wokhala pa mamita 2 amafika ku chipangizocho ndi theka la mphamvu ya wokhala pa mita imodzi, ndipo wa pa mamita 4 amafika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Pamene mawu a munthu akufooka chotere, phokoso la m'chipinda silifooka. Mawu ogunda khoma ndi malata n'kubwerera, mkokomo wa malole odutsa pamsewu, ndi kukwekwesa kwa mipando zimamveka pafupifupi mofanana paliponse. N'chifukwa chake munthu wa kumapeto kwa holo amamveka kwa akutali ngati akuyankhulira m'mbiya.

Makutu a munthu amene ali m'chipindamo amatha kusankha mawu amodzi pakati pa phokoso, mothandizidwa ndi maso. Maikolofoni ilibe nzeru yotero. Choncho mlembi asadalire kuti poti iye akumva bwino ndiye kuti akutali akumvanso. Kukweza voliyumu sikuthandiza, chifukwa kumakweza mawu ndi phokoso limodzi. Chimene chimathandiza ndi kufupikitsa mtunda.

M'chitsanzochi, mlembi alumikiza matebulo awiri kumbali ya chipinda yotalikirana ndi mazenera a kumsewu, n'kuika sipikafoni pakati. Wapampando, mlembi, msungichuma ndi mfumu akhala moyandikana nacho, aliyense osapitirira mita imodzi ndi theka. Anthu 14 sangakwane onse pa mtunda umenewu, choncho mpando umodzi pafupi ndi chipangizocho usiyidwa wopanda munthu. Uwu ndi mpando wa woyankhula. Membala wa kumbuyo akapatsidwa mwayi, abwere adzakhale pamenepo, anene mfundo yake, kenaka abwerere. Mfundo ikakhala yaifupi, wapampando akhoza kungoibwereza momveka asanapitirire.

Sipikafoniyo ikhale pa thabwa la tebulo, osaphimbidwa ndi mapepala. Isayandikane ndi laputopu kapena pulojekita, chifukwa timafani ta m'kati mwa zipangizozi timapanga phokoso losalekeza. Mabotolo a zakumwa, makiyi ndi zikwama ziikidwe kwina, pakuti kugogoda pang'ono patebulo kumamveka ngati bingu kwa wovala zomvera m'makutu. Ngati chipinda chikubweza mawu kwambiri, makatani pamazenera, nsalu yokhuthala kapena zitenje zopachikidwa pa khoma, ndi mphasa pansi zimachepetsa vutoli. Ngakhale anthu enieniwo amameza mawu: chipinda chodzaza chimamveka bwino kuposa chopanda anthu.

Ngakhale sipikafoni itakhala yotha kulumikizidwa popanda waya, chingwe cha USB n'chodalirika kwambiri ndipo chimaipatsanso moto. Chingwe wamba cha USB 2.0 chimagwira bwino ntchito mpaka mamita 5. Kulumikiza zingwe zingapo kuti zifike patali kumachititsa kuti chipangizo chizizimiririka ndi kubwereranso pakati pa msonkhano.

Khutu limodzi, pakamwa pamodzi

Zonse zikalumikizidwa, laputopu imakhala ndi makutu atatu ndi pakamwa patatu. Makutu ndi maikolofoni ya m'laputopu, ya m'kamera ndi ya m'sipikafoni. Pakamwa ndi sipika za laputopu, za TV ndi ya sipikafoni. Kompyuta imasankha yokha, ndipo kawirikawiri imasankha molakwika. Chingwe cha HDMI chimanyamula chithunzi ndi mawu omwe, kotero kuti TV ikangolumikizidwa, mawu amathawira kumeneko.

Zotsatira zake n'zakuti injiniya akayankhula, mawu ake amatulukira pa TV, n'kuyenda m'chipinda, n'kulowa mu sipikafoni imene sinawatulutse ndipo siikuwadziwa. Pulogalamu ya msonkhano imayesa kuwachotsa, koma nthawi zambiri imalephera chifukwa TV imachedwetsa mawu pang'ono ndipo imakhala yokwezedwa. Injiniyayo amadzimva kachiwiri pakangopita kamphindi, ndipo palibe munthu angafotokoze mtengo wa simenti akudzimva akubwereza.

Kukonza kwake n'kosavuta. Mu Zoom, mlembi atsegule Settings, kenaka Audio. Pamenepo pali malo awiri osankhira, a Speaker ndi a Microphone. Pa onse awiri asankhe dzina la sipikafoni, osati dzina la TV, la kamera kapena mawu akuti Same as System. Akatero adine Test Speaker, ndipo kanyimbo kayenera kutulukira patebulo, osati pa khoma. Kenaka adine Test Mic, ayankhule ali pa mpando wa wapampando, n'kumvetsera zimene zajambulidwa. Njira yachidule yotsimikizira khutu limene likugwira ntchito ndi kukanda pang'ono ndi chala pa chipangizo chilichonse uku akuyang'ana kamzere koonetsa kukwera kwa mawu: kamzereko kayenera kudumpha kwambiri pokhapokha wakanda sipikafoni. Pomaliza, voliyumu ya TV itsitsidwe mpaka pa 0. Mu Teams zosankha zomwezi zimapezeka pa Settings, pansi pa Devices, pamene palinso Make a test call. Mayina a malowa amasinthasintha pang'ono pulogalamu ikakonzedwanso, koma zosankhazo zimakhala zomwezo.

Pa tsamba lomweli la Audio mu Zoom pali pochepetsera phokoso la kumbuyo, pokhala ndi milingo ya Auto, Low, Medium ndi High. Masiku ambiri Auto amakwanira. Mvula ikamagunda malata, High amathandiza, koma amadulanso mawu a anthu oyankhula motsitsa kapena okhala patali, choncho mpando wa woyankhula umafunika kwambiri nthawi yotere. Chosankha cha Original sound for musicians chikhale chozimitsa, chifukwa chinapangidwira oimba ndipo chimalola phokoso lonse kudutsa. Mvula ikafika pa mkokomo weniweni, kapena ndege ikamanyamuka kwa amene ali pafupi ndi bwalo la Chileka, palibe batani loposa kudikira. Wapampando aimitse zokambirana, phokoso likatha woyankhula abwereze chiganizo chonse.

Lamulo la khutu limodzi limakhudzanso mafoni a mamembala. M'chitsanzochi, membala wina wa m'chipindamo walowa msonkhano pa foni yake kuti aone bwino pepala la bajeti limene injiniya akuonetsa. Nthawi yomweyo chipinda chiyamba kulira mokweza ngati likhweru. Chachitika n'chakuti foniyo yatola mawu a sipikafoni n'kuwatumiza, sipikafoni yawatulutsa, foni yawatolanso, ndipo mawuwo akuzungulira akukulirakulira. Kudina Mute pa foniyo kumatseka khutu lake lokha, koma pakamwa pake pamakhala potsegula. Chofunika ndi kuichotseratu pa mawu a msonkhano: pa foni adine More kenaka Disconnect Audio, pa laputopu asankhe Leave Computer Audio. Akatero aziona chithunzi popanda kusokoneza. Lamulo lomweli likugwiranso ntchito ku Chileka: ngati khansala wakhala ndi anzake awiri pamalo amodzi, foni imodzi yokha ndiyo ikhale ndi mawu.

Wodzimva yekha si wolakwa

Mawu akamabwerera, anthu amakonda kuloza chala amene akudandaula. Zoona zake n'zosiyana. Munthu amene akumva mawu ake akubwerera, chipangizo chake chilibe mlandu. Mawuwo akubwezedwa ndi mbali ina. Amene akubweza mawu ndiye yekhayo amene samva vuto lililonse.

Choncho ngati akutali onse atatu akudzimva, vuto lili m'chipinda cha ku Lirangwe, ndipo mlembi ayang'ane ngati mawu athawira ku TV kapena ngati voliyumu ya sipikafoni yakwezedwa mpaka pamapeto. Ngati a m'chipinda ndiwo akumva mawu awo akubwerera, wobweza ndi mmodzi mwa akutali. Mlembi awatseke maikolofoni mmodzimmodzi uku wapampando akuwerenga manambala mokweza. Kubwerera kukasiya, wapezeka. Kawirikawiri amakhala munthu wa pa foni amene waikweza kwambiri, ndipo mankhwala ake ndi zomvera za m'makutu.

Kamera: msinkhu, kuwala ndi kukula kwa chithunzi

Mawu akakhala bwino, kamera ikonzedwe. Iikidwe pafupi ndi TV, pamwamba kapena pansi pake, kuti a m'chipinda akamayang'ana nkhope ya injiniya aziyang'ananso kamera. Ikaikidwa kumbali ina, wakutali amaona anthu akuyankhula naye atamutembenuzira tsaya. Msinkhu woyenera ndi wa maso a munthu wokhala pampando, pafupifupi mamita 1.2 kuchokera pansi. Kamera yopachikidwa pafupi ndi denga imaonetsa mitu ndi zipewa. Yoikidwa patebulo imaonetsa zibwano ndi malata.

Chachiwiri ndi kuwala. Kamera imadzisintha yokha molingana ndi malo owala kwambiri amene ikuona. Ikayang'ana kumazenera, imadzichepetsa kuti igwirizane ndi dzuwa la panja, ndipo nkhope zonse zimasanduka zithunzithunzi zakuda. Mazenera akhale kumbuyo kwa kamera kapena m'mbali mwake, kuti kuwala kugwere pankhope za anthu. Ku Lirangwe, mlembi aika TV ndi kamera kumbali ya mazenera, kamera itapereka msana ku dzuwa, ndipo anthu akhala moyang'ana kumeneko. Kakonzedwe kameneka kakwaniritsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: nkhope zawala, ndipo tebulo la sipikafoni lili kutali ndi phokoso la msewu. Zenera limene lili kumbuyo kwenikweni kwa TV litchingidwe ndi katani kuti lisathobwe anthu m'maso.

Chachitatu ndi kukula kwa malo amene kamera imaona. Kamera wamba ngati Logitech C920 imaona madigiri 78 kuchokera ngodya imodzi ya chithunzi kufika ngodya yopingasana nayo, zimene ndi pafupifupi madigiri 70 kuchokera kumanzere kufika kumanja. M'mawu osavuta, pa mita iliyonse imene munthu watalikira, kamerayo imaona malo otambalala pafupifupi mamita 1.4. Pa mamita 2 imaona mamita 2.8, ndipo pa mamita 3 imaona mamita 4.2. Munthu wokhala pampando amatenga malo okwana pafupifupi masentimita 60, choncho pa mamita 3 pakhoza kukwana anthu 7 mumzere umodzi. Komiti ya anthu 14 ikhoza kuoneka yonse ikakhala m'mizere iwiri, wa kutsogolo patebulo pa mamita 3, wachiwiri kumbuyo kwake, mipando itasemphanitsidwa kuti wa kumbuyo aonekere pakati pa mapewa a akutsogolo. Kubweza kamera kumbuyo kwambiri kuti itenge chipinda chonse kumachepetsa nkhope, ndipo khansala woonera pa foni sangadziwe amene akuyankhula. Ngati onse sakukwana, ndi bwino kuti wapampando ndi mpando wa woyankhula zioneke bwino kusiyana n'kuti aliyense aoneke ngati nyerere.

Mu Zoom, kamera imasankhidwa pa Settings, pansi pa Video. Ngati chithunzi chikuonetsa nkhope ya mlembi yekha, ndiye kuti kamera ya m'laputopu ndiyo yasankhidwa. Ngati pali mdima wokhawokha, mwina kachivundikiro ka pagalasi sikanatsegulidwe, mwina pulogalamu ina yagwira kale kamerayo, kapena Windows yaitsekera pa Privacy & security, pansi pa Camera. Mizere yoyendayenda pachithunzi magetsi akayatsidwa imabwera kamera ikachunidwa pa 60 Hz, pamene magetsi a m'Malawi ndi a 50 Hz. Izi zimasinthidwa mu pulogalamu ya kamerayo. Chithunzi chooneka ngati cha m'nkhungu nthawi zambiri chimayamba ndi fumbi, ndipo m'chilimwe galasi la kamera limafunika kupukutidwa ndi kansalu kofewa msonkhano uliwonse. Zolemba za pa khoma zikaoneka zotembenuka kwa mlembi, asadandaule: chosankha cha Mirror my video chimatembenuza chithunzi kwa iye yekha, akutali amaona bwinobwino.

Bandulo ndi magetsi

Chithunzi ndicho chimadya bandulo. Malinga ndi eni ake a Zoom, msonkhano wa gulu umafuna pafupifupi 1.0 Mbps potumiza ndi 0.6 Mbps polandira pa chithunzi wamba, pamene chithunzi cha HD chimafuna 2.6 Mbps ndi 1.8 Mbps. Mawu okha amafuna 60 mpaka 80 kbps. Liwiro la 1 Mbps likagwiritsidwa ntchito kwa ola lathunthu limadya 450 MB. Motero msonkhano wa maola 2 wa ku Lirangwe ukhoza kudya pafupifupi 900 MB potumiza ndi 540 MB polandira, kuphatikiza pamodzi pafupifupi 1.4 GB. Bandulo ya 2 GB ikwanira pamodzi ndi nthawi yoyesera. Pa HD msonkhano womwewo ukhoza kuyandikira 4 GB. Chosankha cha HD pa tsamba la Video chizimitsidwe.

Manambalawa akusonyezanso chochita netiweki ikafooka. Mawu akayamba kudukaduka ndi kumveka ngati a chidole, mbali imene yafookayo izimitse kamera, pakuti mawu amafuna gawo losakwana limodzi mwa magawo 10 a zimene chithunzi chimafuna. Kusiyanitsa vuto la netiweki ndi la chipinda n'kotheka: mawu odukaduka limodzi ndi chithunzi choima ndi netiweki, pamene mawu osaduka koma akutali ndi obwebweta ndi kakhalidwe ka chipinda. Kabokosi ka intaneti kaikidwe pazenera pamene netiweki imagwira bwino, ndipo mamembala asalumikizeko mafoni awo.

Magetsi a ESCOM akathima, TV imazima nthawi yomweyo. Laputopu yodzaza moto imapitiriza, ndipo kamera ndi sipikafoni zimene zikutenga moto ku laputopuyo zimapitirizanso. Ichi ndi chifukwa china chosalola mawu kudutsira pa TV. Kabokosi ka intaneti kakhale ka batire kapena kalumikizidwe ku batire yonyamula m'manja. Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti akaunti yaulere ya Zoom imadula msonkhano pakatha mphindi 40. Ngati palibe akaunti yolipira, onse auzidwiretu kuti ukaduka alowenso, ndipo wapampando asayambitse voti mphindizo zikatsala pang'ono.

Kuyesa nthawi isanakwane

Kuyesa kuyambe kutatsala mphindi 45. Mlembi akalumikiza zonse ndi kusankha zipangizo, akhoza kulowa msonkhano woyeserera wa Zoom polemba adiresi iyi:

```
zoom.us/test
```

Kumeneku ndi kuyesa kwa makina chabe. Kuyesa kwenikweni kumafuna munthu. Mnzake wa mlembi atuluke panja, atalikire ndithu, alowe msonkhanowo pa foni atavala zomvera m'makutu. Mlembi akhale pa mpando wa wapampando, kenaka pa wa woyankhula, kenaka pa wa kumapeto, ndipo pa uliwonse awerenge chiwerengero cha ndalama ndi mawu ake a masiku onse, monga K4,750,000. Wapanjayo achibwereze. Manambala ndi abwino kuyesera kuposa moni, chifukwa moni munthu amangomulota ngakhale sanamumve bwino, pamene nambala salota. Pamene wapanjayo wayamba kuphonya ndi pamene pali malire a sipikafoni, ndipo aliyense wokhala kupitirira pamenepo adzayenera kubwera kutsogolo. Kenaka wapanjayo ayankhule, anene ngati akudzimva kachiwiri. Wakutsina khutu ndi mnansi: akanena kuti sizikumveka, tebulo lisunthidwe nthawi yomweyo.

Udindo wa wapampando

Zipangizo zikakonzeka, chotsala chili m'manja mwa wotsogolera zokambirana. Sipikafoni zambiri zimavutika anthu a mbali ziwiri akamayankhula nthawi imodzi, ndipo zimatsitsa mbali imodzi. Mawu a wakutali amafikanso mochedwa pang'ono, kotero kuti akati alowerere, wina m'chipinda amakhala atayamba kale. Wapampando akafunsa ngati pali ndemanga, ayambe ndi akutali, awatchule ndi maudindo awo mmodzimmodzi: "A khansala ku Chileka, muli ndi mawu?" Akatero adikire masekondi angapo. Woyankhula aliyense m'chipinda ayambe ndi kutchula dzina lake ndi mudzi umene akuimira. Manong'onong'o a m'mbali alekeke, chifukwa maikolofoni imatsata mawu amene ali pafupi, osati amene ali ofunika.

Munthu mmodzi, osati wolemba zokambirana, apatsidwe ntchito yoyang'ana laputopu. Iyeyu ndiye aziona wakutali amene wakweza dzanja, amene walemba uthenga kapena amene waduka. Injiniya akatchula mtengo wa kamlatho, aulembenso pa Chat, ndipo mlembi auwerenge mokweza. Pofika pa voti, kukweza manja m'chipinda sikukwanira. Wapampando awerenge mfundo yonse pafupi ndi sipikafoni, atsimikize kuti wakutali aliyense woyenera kuvota alipo, amufunse payekha, ndipo yankho lake lilembedwe. Wina akaduka mfundo ili m'kati, aimbiridwe foni wamba kuti amve ndi kuyankha, ndipo zokambirana zisonyeze nthawi imene anaduka ndi imene anabwerera.

Msonkhano ukatha, mlembi ajambule chithunzi cha mmene matebulo, kamera ndi sipikafoni zinakhalira, alembe papepala mayina a zipangizo zimene anasankha pa Speaker, Microphone ndi Camera, n'kuika pepalalo m'bokosi limodzi ndi zingwe. Wodzakonza msonkhano wotsatira, kaya ku Lirangwe komweko kaya ku Chileka, adzayambira pamenepo.